“Tatiuzani za inu”: zonena m’mphindi ziwiri pamene simunagwirepo ntchito

“Ndinamaliza digiri ya zaulangizi ku Bunda chaka chatha. Sabata yamawa ndili ndi intavyu ya ntchito yoyang’anira makalabu a alimi ku bungwe lina lomwe si laboma. Anzanga akuti funso loyamba limakhala lakuti ‘tatiuzani za inu’, ndipo sufunika kupitirira mphindi ziwiri. Ine sindinagwirepo ntchito, kupatula atachimenti ku Mitundu ndi kafukufuku wanga wa chaka chomaliza. Ndikanene chiyani?” — Mtsikana wa ku Likuni

Mchemwali, zimene muli nazozo n’zokwanira, ndipo mphindi ziwirizo musalinge zozimaliza. Konzekerani mphindi imodzi ndi theka. M’nthawi imeneyo mukanene chimene munaphunzira, chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene munachitapo ndi manja anu zofanana ndi ntchito imene iwo akulemberayi, kenako chifukwa chimene mwasankhira kubwera kwa iwowo. Mbiri ya moyo wanu itsale kunyumba.

Muyambe mwadziwa zimene zimachitika kumbali inayo ya tebulo. Ine ndakhala nawo pa magulu ofunsa mafunso kwa zaka zambiri, ndipo kawirikawiri timakhala anthu atatu kapena kupitirirapo pang’ono: woona za antchito, mkulu wa nthambi imene mukagwireko, ndi wina wongoitanidwa kuti pakhale maso ena. Aliyense ali ndi pepala lolembapo malikisi, ndipo kalata yanu ndi sivi zili patsogolo pawo. Ena anaziwerenga dzulo, ena akuzitsegula pamene inu mukukhala pansi. Funso loyambali amafunsa apampando, ndipo pamene mukuyankha iwo akumvetsera ngati mwaimvetsa ntchito imene mukuifunayo, komanso ngati mumatha kulongosola nkhani mwadongosolo. Pa ntchito yanuyi chachiwirichi n’chachikulu, chifukwa munthu wolephera kufotokoza za iye mwini kwa anthu atatu amakayikitsa ngati angaphunzitse alimi 30 pansi pa mtengo.

Pali chinanso chimene ofunsira ntchito ambiri sachizindikira. Mafunso otsatira nthawi zambiri amachokera pa zimene mwanena poyamba. Mukatchula kuti munaphunzitsapo kalabu ya alimi, wina alemba pambali, ndipo ikafika nthawi yake adzati, “Paja munati munaphunzitsa kalabu, tafotokozani zinayenda bwanji.” Apo mwawakokera kumene inu muli ndi mphamvu. Koma mukathera nthawi yonse pa kumene munabadwira ndi sukulu za pulayimale, simunawapatse pogwira, ndiye amangotsika ndi mafunso olembedwa kale, kuphatikizapo lija lopweteka lakuti mwagwirapo ntchito zaka zingati.

Za nthawiyo n’zosavuta kuwerengetsa. Munthu woyankhula Chingerezi modekha amatulutsa mawu pakati pa 120 ndi 150 pa mphindi. Ndiye kuti mphindi imodzi ndi theka ndi mawu pafupifupi 200, osadzaza n’komwe tsamba limodzi. Chifukwa chimene ndikunenera mphindi imodzi ndi theka n’chakuti m’chipinda muja nthawi imatayika: mumeza malovu, mubwereza mawu amodzi, mwina wina alowa ndi tiyi. Yankho limene kunyumba limatha mphindi ziwiri zenizeni, kumeneko limapitirira.

Tsopano, musayambe ndi kudzifunsa kuti “kodi ine ndine ndani”. Funso limenelo lilibe malire, mungagone nalo usiku wonse. Tengani chilengezo cha ntchitocho, chija munachiona m’nyuzipepala kapena pa intaneti, ndi cholembera. Pitani pamene alemba ntchito zimene munthuyo azikachita tsiku ndi tsiku, osati pamene alemba za digiri, ndipo dulani mzere kunsi kwa ziwiri kapena zitatu zimene zili pamwamba kapena zimene zabwerezedwa. Sindinachione chilengezo chanucho, koma ntchito za mtundu umenewu zimakonda kufuna zinthu zofanana: kuphunzitsa ndi kuyendera makalabu, kutolera ndi kusunga bwino manambala a alimi, kulemba malipoti a pamwezi, ndi kugwirizana ndi alangizi aboma ndi mafumu. Ena amawonjezera kukwera njinga yamoto. Ngati muli ndi laisensi yake, muitchule, ndi kachiganizo kamodzi kokha koma kamasiyanitsa anthu.

Mukatero, pa chinthu chilichonse chimene mwadula mzere, dzifunseni kuti ndi liti pamene munachitapo chofanana nacho, kaya munalipidwa kapena ayi. Apa m’pamene omaliza kumene maphunziro amadzibera okha. Amaganiza kuti ntchito ndi yokhayo yokhala ndi malipiro a pamwezi, ndiye atachimenti amaitchula mothamanga ngati akuchita nayo manyazi. Chonsecho ofunsawo anadziwa kale kuti mwangotuluka kumene ku sukulu, anaona pa sivi, ndipo anakuitananibe. Akufuna umboni wakuti mukapatsidwa chochita mumachichita mpaka kumapeto.

Tiyeni tiifukule atachimenti yanu ya ku Mitunduyo. Kunena kuti “ndinachita atachimenti ku ofesi ya zaulimi komwe ndinaphunzira zambiri” sikuuza munthu kanthu, chifukwa aliyense wa m’kalasi mwanu akanena zomwezo. Khalani pansi mukumbukire sabata imodzi ya kumeneko. Munkapita kumidzi ndi ndani? Makalabu anali angati? Tsiku limene alangizi anakupatsani mpata woyankhula, munaphunzitsa chiyani, kwa anthu angati? Kaundula wa mayina ankalemba ndani? Lipoti la kumapeto kwa mwezi munalikhudzako? Mwina mupeza kuti pa milungu yonseyo panali masiku awiri okha amene munaimirira nokha pamaso pa alimi. Masiku awiriwo ndiwo nkhani yanu. Atchuleni monga momwe analili, osawakulitsa.

Kafukufuku wa chaka chomaliza nayenso ndi ntchito, bola mum’fotokoze ngati ntchito. Mutu wake wautali uja, wokhala ndi mawu 25, ofunsa saufuna. Akufuna kumva kuti munakonza mafunso, munapempha chilolezo kwa amfumu, munayenda makomo angapo, munalowetsa mayankho mu kompyuta, munapeza chakutichakuti, ndipo munapereka pa nthawi yake. Ngati munagwiritsa ntchito KoboCollect pa foni, kapena Excel ndi SPSS powerengetsa, tchulani mayinawo, chifukwa mabungwe ambiri amatolera manambala awo ndi zida zomwezo. Ngati munangogwiritsa ntchito mapepala, nenani mapepala. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, ndipo kunama pa Excel kumagwidwa msanga, ena amakukhazikani pa kompyuta tsiku lomwelo.

Ndikuonetseni mayankho awiri. Ndawalemba m’Chichewa, inu muwasandutse m’Chingerezi chanu chimene mumayankhula, osati cha m’buku. Loyambali ndi limene timalimva kwambiri:

“Zikomo kwambiri pondipatsa mwayi umenewu. Dzina langa ndine uje, ndimachokera m’mudzi mwa akuti, mfumu yaikulu akuti, boma lakuti. Ndinabadwa m’banja la ana asanu ndi mmodzi, ine ndine wachitatu. Ndinayamba sukulu ku pulayimale yakuti, kenako ndinasankhidwa kupita ku sekondale yakuti komwe ndinakhoza bwino mayeso a fomu 4. Kenako ndinasankhidwa kupita ku Bunda komwe ndinaphunzira zaulangizi. Ndine munthu woopa Mulungu, wolimbikira ntchito, wotha kugwira ntchito ndi anzanga komanso popanda wondiyang’anira. Ngakhale sindinagwirepo ntchito, ndine wokonzeka kuphunzira. Pa nthawi yanga yopuma ndimakonda kuwerenga ndi kumvera nyimbo.”

Mulibe bodza m’menemo, ndipo ndi laulemu. Vuto lake n’lakuti theka la yankho latha asanafike pa ulimi, ndipo atafikapo wangodutsa ndi chiganizo chimodzi. Chinthu chokhacho chokhudza ntchito chimene ofunsa atsala nacho m’mutu n’chakuti mwanayu sanagwirepo ntchito, ndipo wanena yekha.

Lachiwirili ndalimanga pa zimene mwandiuza. Manambala ndi nkhani ya kafukufukuyo ndangoyerekeza, inu muikemo zanu zenizeni:

“Zikomo. Ndine uje, ndinamaliza digiri ya zaulangizi ku LUANAR chaka chatha. Pa maphunziro anga, chimene ndinachikonda kwambiri ndi kugwira ntchito ndi magulu a alimi. Pa atachimenti ku Mitundu ndinkayenda ndi alangizi a m’deralo kuyendera makalabu 6. Poyamba ntchito yanga inali kulemba kaundula, koma kenako anandipatsa makalabu awiri kuti ndiphunzitse ndekha za kaumitsidwe ka mtedza popewa chuku, ndipo ndinkalemba gawo langa la lipoti la pamwezi. Pa kafukufuku wanga ndinayendera mabanja 80 kufunsa za kasungidwe ka chimanga. Mafunso ndinaika pa KoboCollect, n’kuwerengetsa mu Excel. Ndinapeza kuti ambiri amadziwa za mankhwala a anankafumbwe, koma amasunga chimanga chisanaumitsitse, ndiye ndinaphunzirapo kuti uthenga kufika kwa mlimi sizitanthauza kuti wasintha kachitidwe, pamafunika kubwererako. Ndinaona kuti ntchito imene mwalengezayi ndi yoyendera makalabu ndi kusunga manambala awo, zomwe ndi zimene ndachitapo pang’ono ndipo ndikufuna kuzichita mokwanira. N’chifukwa chake ndinalembera.”

Onani mmene nthawi yagawidwira. Za dzina ndi digiri zatenga masekondi 10 kapena 15. Pakatipo, pamene pali umboni, patenga pafupifupi mphindi yathunthu. Kumapeto masekondi 15 kapena 20 abwerera kwa iwo ndi ntchito yawo. Sizitsata zaka kuyambira pobadwa. Zayambira pamene muli lero, zabwerera m’mbuyo kukatenga zofunika zokha, n’kulunjika pa mpando umene mukuufunawo.

M’yankho lachiwirili mulibe mawu akuti “wolimbikira” kapena “wodalirika”, koma womvetsera amafika yekha pamenepo. Munthu amene anayamba ndi kulemba kaundula n’kudzapatsidwa makalabu awiri, ndiye kuti alangizi aja anam’khulupirira. Mawu odziyamikira aja alibe mtengo chifukwa ngakhale waulesi amawanena. Mukafuna kudziwa ngati chiganizo chili ndi ntchito, dzifunseni ngati mnzanu aliyense wa m’kalasi angachinene osasintha kanthu. Ngati angathe, chichotseni kapena chisandutseni chinthu chimene chinachitikadi.

Chiganizo chija chakuti “ndinaphunzirapo kuti” musachisiye. Kwa munthu wongotuluka kumene ku koleji, chimenecho ndiye chimalowa m’malo mwa zaka za ntchito. Chimaonetsa kuti simunangoperekeza alangizi, munkaona ndi kuganiza. Koma chikhale phunziro la m’munda lenileni, loti mkulu wa nthambiyo agwedeze mutu chifukwa nayenso anakumana nazo. Zakuti “ndinaphunzira kufunika kogwira ntchito limodzi” ndi zija zija za aliyense.

Tikambeko za mawu akuti “ndina-” ndi “tina-”. Ife tinaleredwa kuti kudzitchula wekha n’kudzitama, ndiye pa intavyu ambiri amabisala m’gulu: tinapita, tinaphunzitsa, tinalemba. Ofunsa sakulemba ntchito gulu lanu lija, akufuna kudziwa dzanja lanu linagwira pati. Njira yake ndi kunena zoona mbali zonse ziwiri. Zimene munachitira limodzi nenani kuti munali ndi anzanu kapena ndi alangizi, zimene munachita nokha nenani kuti “ndinachita”. Kunena kuti munayendera mabanja 80 pamene munawayenderadi si matama, ndi lipoti. Matama ndi kunena kuti munasintha ulimi wa ku Mitundu m’milungu ingapo. Nambala iliyonse imene mutchule ikhale yoti mungaiteteze, chifukwa wina akhoza kufunsa kuti mabanjawo munawasankha bwanji, ndipo aphunzitsi amene munawalemba ngati mboni akhoza kuimbiridwa foni.

Za kumudzi, mtundu, mpingo, zaka, banja ndi ana, ine ndimalangiza kuzisiya. Sizikuthandizani kupeza malikisi, ndipo simudziwa maganizo a aliyense wokhala pa tebulo paja. Pali pamene zimalowa, koma zilowe ngati luso. Ngati ntchitoyo ili ku Mzimba ndipo mumayankhula Chitumbuka, kapena ili ku Mangochi ndipo mumamva Chiyao, nenani za chiyankhulocho chifukwa mlangizi amene alimi amamumva ndi wamtengo wapatali. Ngati munakulira pa banja la alimi ndipo munalimapo fodya kapena mtedza, chiganizo chimodzi n’chokwanira. Chimodzimodzi za ku tchalitchi kapena ku mzikiti: kunena kuti ndinu wopemphera sikukhudza ntchito, koma kunena kuti munasunga thumba la gulu la achinyamata kwa chaka n’kumapereka lipoti la ndalama, imeneyo ndi ntchito. Ngati bungwelo ndi la mpingo ndipo analemba za chikhulupiriro m’chilengezo, pamenepo mukhoza kutchula.

Mawu akuti “ngakhale sindinagwirepo ntchito” asatuluke pakamwa panu m’yankho limeneli. Akafuna adzafunsa okha, ndipo pamenepo mudzayankha mosabisa kuti simunalembedwepo ntchito yolipidwa, n’kubwerera ku zimene munachita. Kuyamba ndi kupepesa kuli ngati wogulitsa tomato amene kasitomala asanagwire n’komwe akuyamba kuloza yekha woonongeka. Musatchulenso za mavuto a kunyumba, kuti ndinu woyamba kubadwa ndipo abale akudalira inu. N’zoona kwa ambiri amene adzakhale pa benchi tsiku limenelo, koma pa pepala la malikisi palibe malo ake.

Popeza munamaliza chaka chatha, pali miyezi imene ofunsa adzaiona kuti ili yopanda kanthu pa sivi. Ngati munachitapo china chilichonse, kaya kugwira ganyu yotolera manambala pa kafukufuku wa ena, kuthandiza banki mkhonde kulemba mabuku, kulima soya kwanu, kapena kugulitsa mbewu mu shopu ya achibale, muikepo chiganizo chimodzi pambuyo pa kafukufuku. Anthu amachita manyazi ndi geni, chonsecho munthu amene wagulitsapo mbewu amadziwa zimene alimi amafunsa ndi zimene amadandaula, ndipo mkulu wa nthambi amadziwa zimenezo. Chiganizochi chikalowa, chotsani china kuti nthawi isapitirire. Choyenera kuchoka ndi chimene chili kutali kwambiri ndi zija munadula mzere.

Pokonzekera, lembani yankho lonse kamodzi kuti muone kutalika kwake, muliwerenge mokweza mukuyang’ana wotchi, mudule mpaka lifike pa masekondi 90. Kenako pepalalo libiseni. Pa kapepala kena lembani mawu okukumbutsani okha, monga digiri, Mitundu, mabanja 80, phunziro, ntchito yawo. Yankhulani kuchokera pa mawu amenewo mukudzijambula pa foni. Nthawi iliyonse ziganizo zizituluka mosiyanako pang’ono, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Woloweza pamtima amadziwika msanga: maso amapita kudenga, mawu amathamanga pa liwiro limodzi ngati ndakatulo ya ku pulayimale, ndipo wina akangom’dula ndi kafunso amasowa poyambira, ena mpaka amabwereranso ku dzina. Ziganizo ziwiri zokha ndi zimene mungaloweze, choyamba ndi chomaliza, chifukwa mantha amagwira poyamba, ndipo kusowa pothera ndi kumene kumatalikitsa yankho.

Pomvetsera zimene mwajambulazo, tcherani khutu pa zinthu zingapo. Ngati pofika sekondi ya 30 simunatchule chimene munachita ndi manja anu, chiyambi chatalika. Ngati mukumva “kenako, kenako, kenako”, mwabwerera ku mbiri yotsata zaka. Ngati mwathera pa “basi ndi zomwezo” kapena kuseka kwamanyazi, mapeto sanakonzedwe. Kenako m’patseni munthu wina amve, makamaka amene sanaphunzire zaulimi, mum’funse kuti wagwirapo chiyani. Akatha kubwereza zinthu ziwiri zimene munachita, yankho lili bwino. Akangoti “mwayankhula bwino”, palibe chimene chakhala.

Mulikonzenso m’Chichewa. Pa ntchito za kumidzi si zachilendo kuti mmodzi wa ofunsa atembenuke n’kunena kuti, “Tayerekezani kuti ife ndi alimi, tadzifotokozeni.” Pamenepo za Excel zimachoka, mumatsala ndi moni waulemu, dzina, kumene mwachokera ndi chimene mwadzera.

M’chipindamo muziwerenga nkhope. Akamalemba, zikuyenda, musaime poganiza kuti sakumva. Akasiya zolembera, n’kuyamba kutembenuza mapepala kapena apampando n’kuyang’ana wotchi, dumphani zotsalazo mupite pa chiganizo chanu chomaliza. Wina akakudulani ndi funso pakati, musakhumudwe, nthawi zambiri ndiye kuti mwatchula chimene cham’kopa. Yankhani funsolo, ndipo musaumirire kubwerera kukamaliza zimene munakonza pokhapokha atakuuzani kuti pitirizani. Intavyu ikakhala ya pa foni kapena pa Zoom, nkhope simuziona bwino, choncho fupikitsani kufika pa mphindi imodzi ndi masekondi ochepa, ndipo mathero amveke kuti mwamaliza kuti pasakhale chete wodikirirana.

Mukadzaitanidwa ku ntchito ina, mwachitsanzo ya ngongole za alimi ku bungwe lobwereketsa ndalama, yankho la sabata yamawali musalinyamule lonse. Chiyambi chikhala chomwecho, koma pakatipo mudzatsogoza kaundula, manambala ndi kulondola anthu khomo ndi khomo, za chuku n’kuzichepetsa, ndipo chiganizo chomaliza mudzachilemba mwatsopano kuchokera pa chilengezo chawo. Chomalizachi chimafuna kuti mudziwe bungwelo, choncho intavyu ya sabata yamawayi isanafike fufuzani maboma amene akugwiramo ntchito ndi mbewu zimene makalabu awo amalima. Mukapeza kuti ndi mtedza ndi soya, nkhani ya kaumitsidwe ka mtedza ija ikhale patsogolo, ya chimanga ibwere pambuyo mwachidule.